Kalata yotuma mbale ku ofesi ya kalembera ikhale yopapatiza

Awerengi, sabata ino tikambirane za kapepala kamene kamabwezetsa anthu ambiri chimanjamanja pa boma la Nsanje. Ndikunena kalata imene munthu amalemba popatsa mbale wake mphamvu yoti akamutengere chikalata, monga setifiketi ya kubadwa ya mwana, ku ofesi ya kalembera ya NRB. Kuchokera kuno ku Marka kukafika ku boma ndi makilomita opitirira 20. Wotumidwa akabwezedwa, ndalama ya galimoto kapena njinga yamoto yapita, tsiku la kumunda nalonso lapita, ndipo pakhomo pamatsala kulozana zala.

Chiyambire kalembera wa dziko lonse wa mu 2017, zikalata za ku NRB zikufunika paliponse. Kuno kuchigwa ntchito idachuluka chifukwa madzi osefukira a namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 adakokolola mapepala a mabanja ambiri. Eni mapepalawo ena ndi okalamba, ena ali ku Nchalo pa ntchito ya nzimbe, ena adawoloka malire kupita ku Mozambique, ena ali ku Joni, moti kutumana nkosapeweka. Kalata yothandiza pa kutumanako ndi yopapatiza: itchule munthu mmodzi, chikalata chimodzi, ofesi imodzi ndi tsiku lothera.

Tiyambe ndi kuganizira amene ali kuseri kwa tebulo. Kalaliki sakukudziwani. Mukamuuza kuti “ndine malume ake a mwanayu”, iye alibe njira yoonera ubalewo pankhope panu. Akapereka chikalata kwa munthu wolakwika, mwiniwake nkubwera mawa kudzachifuna, woyankha mlandu ndi iyeyo. Kalata yanu ndiye chishango chake. Iyenera kumuyankha mafunso atatu: watuma ndani, watumidwa ndani, watumidwa kudzatenga chiyani. Funso limodzi likasowa yankho, amakubwezani, ndipo sitingamunene kuti ndi wankhanza.

Tiyerekeze nkhani iyi. Mayi wina wa mdera la mfumu yaikulu Ndamera adadzaza fomu ya NR8, yolembetsera kubadwa kwa mwana wake wamkazi. Setifiketi isadatuluke, iye adapita ku Joni kukagwira ntchito, mwana nkutsala ndi agogo. Tsopano setifiketiyo ikufunika kuti mwana apangitse pasipoti. Agogo sangathe ulendo, ndiye banja lagwirizana kutuma mchimwene wake wa mayiyo.

Choyamba, wolemba kalata akhale mayi uja, chifukwa dzina lake ndi limene lili pa fomu. Agogo, ngakhale ndiwo akusunga mwana, sangapereke mphamvu imene iwo eni alibe m’mabuku a ofesi. Mabanja ambiri amaphonya pomwepa: amapatsa cholembera wamkulu wa banja poti ndi amene amalamula pakhomo, koma ofesi imatsata dzina lolembedwa, sitsata ukulu wa pa mtundu.

Kalata ya mayiyo ikhoza kuoneka motere. Pamwamba alembe adiresi ya kumene ali, nambala ya foni ndi tsiku, kenaka “Kwa Mkulu wa Kalembera, ofesi ya NRB, Nsanje”. Mawu ake akhale awa:

“Ine …, wa nambala ya chiphaso cha unzika …, wochokera m’mudzi mwa …, mfumu yaikulu Ndamera, ndikupereka mphamvu kwa mchimwene wanga …, wa nambala ya chiphaso …, kuti anditengere setifiketi ya kubadwa ya mwana wanga …, wobadwa pa … ku …, ndi kusayinira kuti walandira. Sindikumupatsa mphamvu yosintha kalikonse pa chikalatachi kapena yotenga chikalata china. Mphamvuyi itha akangolandira setifiketiyo, kapena pofika pa …”

Pansi asayine, mboni nayo isayine ndi kulemba dzina ndi nambala ya chiphaso chake. Basi. Kalata yotere sifuna malonje kapena kufotokoza mavuto a ku Joni.

Onani mzere uja woti “sindikumupatsa mphamvu yosintha kalikonse”. Ena amauona ngati kunyoza mbale, koma umateteza onse awiri. Kalata yonena kuti “achite chilichonse m’malo mwanga” ndi yoopsa: ikagwa m’manja olakwika, kapena ubale ukadzasokonekera, munthu angayese kupita nayo kwina kumene inu simudaganizeko. Kalaliki wosamala nayenso amaikayikira, poti simuuza chenicheni chimene apereke. Tsiku lothera lili ndi ntchito yomweyo. Perekani nthawi yokwanira maulendo awiri, mwina mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa nyengo ya mvula ulendo umalephereka, koma musasiye kalata yopanda malire.

Tsopano za mayina, vuto lathulathu la kuno kumalire. Ambiri tili ndi mayina ochokera ku Chipwitikizi amene amalembedwa mosiyanasiyana. Amene kumudzi timamuitana Zuze, pa chiphaso angakhale Jose kapena Joseph. Juwawo angakhale Joao kapena John. Mayi wina pa fomu adalemba dzina la bambo ake, pomwe kumudzi amadziwika ndi la mwamuna wake. Kwa ife ndi munthu mmodzi, koma kwa kalaliki ndi anthu awiri. Polemba kalata ikani chiphaso patebulo, mukopere dzina chilembo ndi chilembo, ndi nambala yomwe. Nambala ya chiphaso imasakaniza zilembo ndi manambala, ndiye samalani 0 ndi O, 5 ndi S, 8 ndi B. Ife aphunzitsi timapemphedwa kawirikawiri kulembera anthu makalata otere, ndipo pempho langa kwa anzanga ndi loti tisalembe dzina pongolimva ndi khutu. Chiphaso chisadabwere, cholembera chisagwire pepala. Dzina la mwana nalonso lifanane ndi limene lidalembedwa pa fomu.

Za kusayina. Siginecha ifanane ndi imene mwini amagwiritsa ntchito pa zikalata zake. Wosadziwa kulemba adinde chala, koma mboni iyambe yamuwerengera kalata yonse m’chiyankhulo chimene amamva, kaya Chisena kaya Chimang’anja, ndipo ilembe pansi kuti yatero. Mboni isakhale wotumidwa uja, chifukwa munthu sangadzichitire umboni kuti wapatsidwa mphamvu. Ndipo pasapezeke wosayina kapena kudinda chala pa pepala lopanda kanthu ati “mukadzaza komweko”. Wotero wavomereza mawu amene sadawaone. Mbali inayi, wotumidwa asayerekeze kusayina m’malo mwa mlongo wake pofuna kufupikitsa njira. Kupeka siginecha ya munthu wina ndi mlandu.

Nanga chidindo? Pali zidindo ziwiri zimene anthu amasokoneza. Cha nyakwawa kapena gulupu chimachitira umboni kuti anthuwa ndi a m’mudzi mwake ndipo amawadziwa. Ndi chothandiza, makamaka pa ubale. Koma nyakwawa sangachitire umboni siginecha imene idasayinidwa ku Joni iye ali ku Marka. Umboni wa kusayina umachokera kwa amene adaona dzanja likulemba. Ofesi ikafuna kalata yolumbirira, mwini amapita pamaso pa munthu amene lamulo lidamupatsa mphamvu yolumbiritsa, monga majisitireti kapena loya, nasayina pomwepo. Wolumbira ndi wotuma, osati wotumidwa. Mayi wathu uja, poti ali ku South Africa, atha kulumbirira pa siteshoni ya polisi ya komweko, kumene apolisi amagwiranso ntchito imeneyi ndi kutsimikiza mafotokope, kapena kufunsa ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg.

Akatero, atumize pepala lenileni. Chithunzi cha pa foni nchosavuta kusintha, ndipo kalaliki amafuna pepala loti aike m’failo. Chithunzicho chithandize mchimwene kuona ngati zonse zili bwino pepala lisadanyamuke, koma asakwere nacho galimoto poganiza kuti chakwana.

Tsiku la ulendo, mchimweneyo anyamule zinthu zinayi: kalata yeniyeni, fotokope ya chiphaso cha mlongo wake mbali zonse ziwiri, chiphaso chake chenicheni pamodzi ndi fotokope yake, ndiponso kapepala kapena lisiti lililonse limene ofesi idapereka polandira fomu. Kalatayo aijambulitse kaye, chifukwa yeniyeniyo ikhoza kutsala ku ofesi. Akalandira setifiketi asathamangire kukwera. Aime pomwepo awerenge dzina la mwana, tsiku lobadwa, malo ndi mayina a makolo. Akapeza cholakwika, afunse njira yokonzera ndipo adziwitse mwini, poti kalata yake simulola kukonza yekha.

Pali malire atatu amene kalata singadumphe. Oyamba: imabwereketsa dzanja lolandirira, sibwereketsa nkhope kapena zala. Kulembetsa chiphaso cha unzika, kumene kumayamba munthu akakwana zaka 16, kumafuna chithunzi ndi zidindo za zala za mwini, choncho palibe kalata imene ingamuimirire. Pa kulandira chiphaso chotuluka kale, ofesi ikhozanso kunena kuti mwini abwere yekha, ndipo kalata siikakamiza. Nchifukwa chake kufunsa kuyambe kalata isadalembedwe: kodi chikalata chatuluka, kodi mumalola wotumidwa, kodi mufuna kalata wamba kapena yolumbirira? Safunsa adadya phula.

Achiwiri: mphamvu imafa ndi mwini wake. Wotuma akamwalira, kalata yatha tsiku lomwelo, ngakhale tsiku lothera lisadafike. Za womwalira zimayenda njira ina, ya malamulo a chuma cha masiye, kudzera kwa bwanamkubwa kapena ku khoti. Wina akatulutsa kalata ya malemu nkumati “adandipatsa mphamvu”, mayi wamasiye adziwe kuti pepalalo lilibenso ntchito. Wotuma ali moyo athanso kuithetsa nthawi iliyonse, koma adziwitse wotumidwa ndi ofesi yomwe mwa kalata, chifukwa ofesi yosauzidwa idzapereka chikalata mosadziwa.

Achitatu: kalata ya pamanjayi ndi yotengera chikalata basi. Kugulitsa malo olembetsedwa ku boma kapena kuyendetsa akaunti ya ku banki m’malo mwa wina kumafuna chikalata china cha mphamvu, chokhala ndi ndondomeko zake, chimene nkwabwino chikonzedwe ndi loya. Mbale akabwera ndi kalata imodzi yophatikiza kutenga setifiketi, kutapa ndalama ndi kuyang’anira munda wa kudimba, muuzeni mwaulemu kuti, “Achimwene, ntchito iliyonse ikhale ndi kalata yake,” ndipo musayine ya setifiketi yokhayo.