Yankho lokha silikwanira

Ife tikuti achinyamata a mumzinda wa Tete amene akukonzekera mayeso a kalasi 12 asamanidwe masewera a nzeru. Tiwajambulire mabokosi 9, atatu pamzere uliwonse, aikemo manambala 1 mpaka 9 kuti mizere yonse, yopingasa, yotsika ndi yapakona, ifanane powonkhetsa. Wongoyesa mwayi amafufuta mpaka pepala kubooka. Woganiza amaona kuti manambala onse apanga 45, choncho mizere itatu ikagawana, uliwonse utenga 15.

Tisathamangire kuyamikira yankho, pakuti wina amangoonera kwa mnzake. Timfunse m'Chinyanja chifukwa chake 5 wakhala pakati. Akati pakatipo pamadutsa mizere inayi, ndipo 5 yekha ndiye amalowa m'magulu anayi opanga 15, wamvetsadi. Chipwitikizi cha pamayeso chibwere pambuyo pake.