Kufukiza ndi bulugamu: mphuno itseguke, ntchafu zisapse

June akafika ku Lusaka, mphepo ndi fumbi zimabwera pamodzi, ndipo mu minibasi iliyonse mumapeza wina akukoka mamina. Pa wailesi yathu mafoni amayamba kulira ndi malangizo amodzimodzi: thyolani masamba a bulugamu, wiritsani, fundani bulangeti, fukizani. Chiyambire nthawi ya korona, pamene aliyense m'komboni ankakamba za kufutikila, malangizo amenewa akhala ngati lamulo. Ife sitikana kufukiza. Chimene tikana ndi poto wobwadamuka pakati pa miyendo, bulangeti pamwamba, kenako mwana kumukankhira momwemo. Phindu la nthunzi ndi laling'ono ndipo limatha msanga, choncho si lofunika kulilipira ndi khungu.

Tiyambe ndi chimene chimatseka mphuno, chifukwa ambiri timaganiza kuti ndi mamina okha. Mkati mwa mphuno muli kanyama kofewa kodzala ndi timitsempha ta magazi. Kachilombo ka chimfine kakalowa, timitsempha timeneti timatupa, njira ya mpweya nkuchepa. Ndiye chifukwa chake mungamine mpaka mutu kuwawa, osatuluka kanthu, koma mphuno ili chitsekere. Nthunzi imanyowetsa mkatimo ndi kufewetsa mamina amene auma, ndipo kwa kanthawi mumapezako bwino. Koma kachilomboko kali mkati mwa maselo a thupi, kumene nthunzi siifika. Kutentha koti kukaphe kachilombo kumeneko kungayambe kwawotcha mphuno yanu.

Nanga bulugamu? Mtengo umenewu unachokera ku Australia, ndipo kuno unadzalidwa makamaka chifukwa cha mapolo ndi matabwa, monga m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt. M'masamba ake muli mafuta onunkhira, ndipo mbali yaikulu ya fungolo imachokera ku mankhwala otchedwa siniyolo. Siniyolo akakhudza mitsempha yomva kuzizira m'mphuno, ubongo umauzidwa kuti mpweya wozizira ukudutsa wambiri. Mumamva ngati mphuno yatseguka, ngakhale kuti akayeza kukula kwa njira ya mpweya amapeza kuti sikunasinthe kwenikweni. Ndi mmenenso switi ya mentho imachitira. Sitikunena izi monyoza. Munthu amene sanagone masiku awiri chifukwa chopumira kukamwa, akamva kupepuka kwa theka la ola nagona, wapindula. Kungoti tizidziwa chimene tagula: mpumulo, osati kuchira.

Ofufuza anayesadi nkhaniyi. Mu 2017 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linaunika mayeso a mpweya wotentha wa chinyezi pa chimfine, ndipo silinapeze umboni woti umachiritsa. Umboni umene uli poyera ndi wa mabala. Mu 2020, madokotala a pa chipatala cha ana ku Birmingham, ku England, analemba m'magazini ya Lancet kuti ana obwera atapsa pofukiza anachuluka kuwirikiza ka 30 m'masabata oyamba a korona. Kumeneko amagwiritsa ntchito ketulo ya magetsi ndi tebulo la kukhitchini. Ife timachitira pansi, m'chipinda chimodzi, nthawi zina mumdima malaiti atapita.

Ganizirani mmene ngozi imachitikira, chifukwa kawirikawiri si nthunzi imene imawotcha, ndi madzi. Mnyamata wa ku Chawama, tinene, waphula poto wa malita atatu pa mbaula, wamuika pansi, wakhala pa kampando poto ali pakati pa mapazi, wafunda bulangeti lolemera mpaka pansi. Mkatimo saona kanthu ndipo maso watseka. Fungo lamulowa, wayetsemula, bondo lagunda chogwirira cha poto, kapena mphepete ya bulangeti yakola potoyo pamene akuvundukula kuti apume. Madzi amathera pa mapazi ndi pa miyendo. Amene amaika beseni pamiyendo ali pabedi ndiye amapsa ntchafu, pamimba ndi kumaliseche. Thalauza ya jinzi kapena chitenje zimamwa madzi otenthawo ndi kuwagwiritsa pakhungu, moti kupsa kumapitirira mpaka chovalacho chitachoka.

Ku Lusaka, chifukwa tili pamalo okwera, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Pa madigiri 70 okha, sekondi imodzi imakwana kuwotcha khungu kwambiri, ndipo pa 60 zimatenga masekondi ochepa. Khungu la mwana ndi lopyapyala, limapsa msanga ndi mozama kuposa la wamkulu. Apa mpamene timasiyana ndi malangizo ofala akuti "dikirani mphindi zisanu, basi zili bwino". Kudikira nkofunika, koma poto wamkulu amasunga kutentha, ndipo pakapita mphindi zisanu madzi ake amakhala akadali owotcha. Chitetezo chenicheni chili pa zinthu ziwiri: madzi akhale ochepa, ndipo akhale pamalo poti akatayika sakugwerani.

Wamkulu wofuna kufukiza achite motere. Thyolani masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, aawisi, kutali ndi msewu wa fumbi, ndipo muwatsuke. Fikisani limodzi m'manja mununkhize, chifukwa mitundu ya bulugamu ndi yambiri ndipo ina ilibe fungo lamphamvu. Tsamba losanunkhira m'manja silidzanunkhiranso m'madzi. Ang'ambeni muwaike m'kapu yaikulu yadothi, ya pansi potakata. Palibe chifukwa chowawiritsa pamoto kwa nthawi yaitali, popeza mafuta ake amauluka ndi nthunzi, ndipo fungo lonse limathera m'khitchini inu musanayambe. Thirani madzi otentha osadzaza kapu, musiye mpata wa zala ziwiri pamwamba. Kenako ikani kapuyo mkati mwa beseni louma, beseni pa tebulo losagwedera, chapakati osati m'mphepete. Kapu ikagwa, madzi agwera m'beseni. Kanzeru kameneka nkaulere, ndipo ndiko kamene timalimbikira kwambiri tikamakamba pa wailesi.

Dikirani mphindi zisanu mpaka khumi, ndipo muyese nthunzi ndi kuseri kwa dzanja. Ngati dzanja silipirira, nkhope siingapirire. Khalani pampando, nkhope italikire kapu ngati kutalika kwa rula ya kusukulu, masentimita 30. Tsekani maso, chifukwa mafuta a bulugamu amawawa m'maso. Pumirani m'mphuno pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu kapena khumi. Ngati mufuna chofunda, kathaulo kopepuka pamutu pokha nkokwanira, kosalendewera mpaka kukhudza kapu. Mukamva chizungulire, kubanika kapena kutsokomola kosalekeza, lekani. Mukamaliza, tayani madziwo nthawi yomweyo, musawasiye pa tebulo pamene kamwana kangakoke nsalu.

Ena adzati kapu ndi masewera, kufukiza kwenikweni ndi kuja munthu amatuluka thukuta ali chonyowa. Timawamvetsa, chifukwa tonse tinakulira m'chikhulupiriro chakuti matenda amatuluka ndi thukuta. Koma thukuta ndi madzi ndi mchere zimene thupi limataya kuti lizizire, ndipo munthu amene watentha kale thupi akataya madzi ambiri amafooka, angathe kukomoka ali pamwamba pa poto. Mphuno ndi kamalo kakang'ono, nthunzi ya kapu imodzi imakakwanira. Choopsa koposa ndi chija ena amachita, kulowa m'bulangeti pamodzi ndi mbaula kuti madzi asazizire. Malasha amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi ya mphepo. M'bulangeti umadzaza msanga kwambiri.

Pa ana sitinyengerera: asafukize. Mwana sakhala chete, amalimbana ndi bulangeti, ndipo mayi amene wamugwira pamiyendo sangathe kugwira mwana ndi beseni nthawi imodzi. Fungo lamphamvu la bulugamu limathanso kubanikitsa khanda. Mafuta a bulugamu a m'kabotolo, ogula kufamase kapena kumsika, ndi amphamvu kuposa masamba kutalitali. Mwana akamwa ngakhale supuni yaing'ono angathe kukomoka ndi kugwidwa ndi linjirinjiri, choncho kabotolo kazikhala pamwamba posafikira. Wodwala khunyu asafukizenso, chifukwa akagwa amagwera m'madzimo. Wa asima asamale kwambiri, popeza nthunzi ndi fungo zimatha kuutsa chifuwa chobanika. Amene wamwako mowa adikire kuche.

Chilipo chimene chimathandiza mphuno popanda moto, ndicho madzi a mchere. Wiritsani madzi, asiyeni azizire mpaka akhale ofunda pang'ono, ndipo m'kapu yodzaza musungunule theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kwa khanda, kadontho kamodzi kapena tiwiri m'mphuno iliyonse asanayamwe timafewetsa mamina kuti ayamwe bwino. Wamkulu angathe kukoka madziwo m'mphuno kuchokera m'dzanja loyera, mbali imodzi kenako ina, nkumina. Pangani atsopano tsiku lililonse.

Ngati ngozi yachitika, mphindi zoyamba ndizo zimagamula kukula kwa bala. Vulani msanga chovala chonyowa, pokhapokha ngati chamatirira pakhungu, ndipo muchotse mphete, wotchi kapena lamba malowo asanatupe. Thirani madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20 zathunthu. Nthawiyo imaoneka yaitali munthu akulira, koma kutentha kumapitiriza kulowa pansi pa khungu ngakhale madzi otentha atachoka. Kumene mpopi uli kutali, tungani m'chigubu ndi kapu muzithira mosalekeza. Mwana mumufunditse mbali zimene sizinapse kuti asazizidwe. Musaike ayisi, mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena dothi, ndipo matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yosatuluka ubweya kapena pulasitiki yoyera. Bala loposa chikhatho cha wopsayo, bala la kumaso, m'manja, kumapazi kapena kumaliseche, bala looneka loyera ndi losawawa, ndiponso bala lililonse la mwana, lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Anyamata ambiri amabisa bala la pakati pa miyendo chifukwa cha manyazi, nkupita litayamba kale mafinya. Anamwino aona zambiri, sadzakusekani.

Chimfine wamba chimatha chokha pa sabata imodzi kapena masiku khumi, mufukize kapena ayi. Masiku khumi akadutsa mphuno ili chitsekere, kapena nkhope ikuwawa mbali imodzi thupi likutentha, siyani masamba mupite ku kiliniki. Kutentha thupi kuno kwathu kumafuna kuyezetsa malungo, ndipo chifuwa cha masabata awiri chimafuna kuyezetsa makhololo. Mwana amene mphuno imodzi yokha ikutulutsa mamina onunkha, nthawi zambiri analowetsamo njere ya nyemba kapena mkanda, ndipo musayese kuichotsa ndi kamtengo.