Lekani kucheka-cheka nkhuku, foloko chabe ikwana

Pa mbaula ku Kanyama olo pa bulai ya pa Sondo ku Matero, vuto ni imodzi: nkhuku yafiira bwino kunja, koma ukaluma pafupi na fupa, yaiwisi. Ndiye chifukwa chake ambiri amacheka pisi iliyonse kuti aone mukati. Manje msuzi wonse uthera pa malasha, nyama isala youma monga chikamba.

Khungu lofiira lisakunamizeni. Malasha akayaka maningi, kunja kupsa mu mphindi 10 pomwe mukati mukali mozizira. Ndipo nkhuku yosapsa siyoseweretsa: imanyamula tizilombo monga salimonela, tomwe tibweretsa kutsegula m'mimba na kusanza. Ngati nkhuku mugulitsa, kasitomala wodwala sabwelanso.

Tinene kuti mwagula mapisi a buloila, miyendo, vibelo na nyama ya pachifuwa. Choyamba asungunuke bwino-bwino, chifukwa pisi ya aisi pakati siipsa mofanana. Yembekezani malasha achite phulusa loyera pamwamba. Vibelo na miyendo vifuna mphindi 35 kufika 45 pa moto wapakati, motembenuza pafupi-pafupi. Ya pachifuwa yopanda fupa ipsa msanga, pafupifupi mphindi 20, choncho iikeni pambuyo.

Nthawi ikakwana, yang'anani mwendo. Nyama ikapsa imafwinya, kafupa ka kumapeto kaonekera. Futi dinikizani na supuni: yaiwisi imakhala nyekete-nyekete, yakupsa imalimba.

Manje sankhani pisi imodzi chabe, ikulu kupambana yonse. Lasani foloko pomwe pali nyama yambiri, mpaka pa fupa, ndipo dinikizani pang'ono. Msuzi ukatuluka woyera mbee ndipo foloko yalowa mosavuta, yapsa, na tung'ono tomwe munaika nthawi imodzi twapsanso. Ukatuluka wofiirira, tsukani foloko na sopo, sendezani nyama kumbali komwe moto ni wochepa, vinikirani, muyesenso pakapita mphindi 10.

Nanga fupa lakuda lija lomwe limayambitsa mkangano pa nsima? Buloila imaphedwa ikali mwana, mafupa ake ni ofewa. Ikagona mu firiji, mafuta a mukati mwa fupa amatuluka na kudetsa nyama ya pafupi, olo yapsa bwino. Choopsa ni nyama yonyezimira, yoterera, yokana kuchoka ku fupa.

Maso nawo amaphonya nthawi zina. Imwe ogulitsa, kachipangizo kopimira kutentha kwa nyama ndiye kokamba zoona: pakati pa pisi, osakhudza fupa, pafike madigiri 75. Ngati mulibe, wiritsani mapisi a fupa mphindi 15 na mchere musanaike pa waya. Nkhuku ya kumudzi yeve ifuna ola lathunthu olo kupitirira mu poto, chifukwa imatha kupsa koma ikali yolimba.