"Anamalala" mungawanene bwanji m'Chichewa?

Ngati munatsegulako wailesi kapena lamya ya m'manja chitachitika chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, mawu akuti "Anamalala" munawamva. Achinyamata ankawafuula m'misewu ya ku Maputo, ku Nampula, ngakhale mumzinda wa Tete. Mawu otere, aafupi, amene gulu limafuula pamodzi, timawatcha mfuwu. Pa Chipwitikizi amati palavra de ordem.

Tiyerekeze kuti muli pa msika ku Chipera. Agogo ena akugwirani mkono n'kufunsa kuti, "Mwanawe, iwe ukupita kusukulu ya akuluakulu, tandiuza. Anamalala ndiye kuti chiyani?" Muwayankha bwanji? Funsoli likuoneka lopepuka, koma yankho lanu likhoza kuwaseketsa, kuwatonthoza, kapena kuwagoneka ndi mantha.

Tiyambe ndi kumene mawuwa anachokera. "Anamalala" si Chipwitikizi. Ndi Chimakuwa, chinenero chimene chili ndi anthu ambiri kuposa zinenero zonse za makolo muno m'Mozambiki, makamaka ku Nampula. Olemba nkhani amawamasulira m'Chipwitikizi kuti acabou kapena vai acabar, ndiye kuti chinthu chafika pamapeto, kapena chili pafupi kufika. Khutu lathu silikuwadabwa kwenikweni. Anzathu Anyungwe amati "kumala", ife timati "kumaliza". Muzu wake ndi umodzi.

A Venâncio Mondlane, amene anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, anawagwiritsa ntchito kwambiri mawuwa pa misonkhano yawo, ndiponso pa nthawi ya zionetsero zokana zotsatira za chisankho. Mu Epulo 2025 anapempha kulembetsa chipani chatsopano, Aliança Nacional para um Moçambique Livre e Autónomo, ndipo anafuna kuti dzina lake lachidule likhale ANAMALALA. Unduna wa Zachilungamo sunavomere. Unati mawuwa ndi a Chimakuwa ndipo ali kale ndi tanthauzo lake kwa eni chinenerocho, choncho asinthidwe. Dzina lalitali linatsala momwemo, lachidule linasanduka ANAMOLA, ndipo chipanicho chinavomerezedwa mu Ogasiti 2025.

Anthu anagawanika pa nkhaniyi. Ena anati boma likungoopa mawu amene anatchuka. Ena anakumbutsa kuti malamulo amafuna chipani chikhale cha dziko lonse, osati cha mtundu umodzi kapena dera limodzi. Tsamba lino siliweruza mlanduwo. Chimene tikutolapo n'chakuti mawu amodzi okha anafika mpaka pa tebulo la nduna chifukwa cha tanthauzo lake. Tsono tibwerere kwa agogo aja.

Mneni woyenera m'Chichewa ndi "kutha". Vuto lili kutsogolo kwa mneniyo. Pa Chipwitikizi munthu akhoza kungoti acabou osanena chimene chatha. Wina amva kuti umphawi watha, wina amva kuti kuba kwatha, wina amva kuti ulamuliro wa chipani china watha, ndipo onse afuulira limodzi. Mphamvu ya mfuwu nthawi zambiri imagona pamenepo, pa chimene sichinatchulidwe. Koma Chichewa sichilola. Simunganene "-tha" payekha. Muyenera kuyikapo kachilembo kutsogolo, ndipo kachilemboko kamaulula chimene chatha.

Werengani mokweza mawu anayi awa: zatha, kwatha, watha, atha.

"Zatha" akunena zinthu. Ndi mawu ofatsa, koma ndi omwenso timanena mlandu ukatha kwa amfumu, anthu n'kugwirana chanza. Agogo akhoza kumva kuti mkangano wa chisankho watha, pamene ofuula aja ankatanthauza kuti iwo sakugonja. "Kwatha" akumveka ngati za m'golosale kapena m'nkhokwe: kulibenso kanthu. "Watha" akuloza munthu mmodzi. Mukauza munthu kuti "watha iwe", mwamuopseza. Mukanena za wodwala kuti "watha", mukunena kuti thupi lake lafooka kwambiri. "Atha" ndiye woopsa koposa, chifukwa akunena anthu ambiri. Amene anaonapo nkhondo kapena kolera amadziwa tanthauzo la kuti "anthu atha m'mudzimo".

Mukuona? Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri, koma "zatha" ndi mtendere, "atha" ndi maliro. Ndipo kumbukirani kuti pa zionetsero zija panafadi anthu. Mabungwe amene ankawerenga anati anaposa 300. Munthu amene mwana wake ndi wapolisi, kapena amene amadziwika kuti ndi wa chipani cholamula, akamva gulu likufuula "atha!" pafupi ndi nyumba yake, sadzaganiza za galamala.

Mwina mukuti, "Ndiye ndingonena zakutsogolo: zidzatha." Yesani kuwanena. Amenewa ndi mawu opepesa munthu wovutika: "Pirirani mayi, zidzatha." Mfuwu wa anthu okwiya wasanduka malangizo oti akhale chete. Simunakhumudwitse aliyense, koma tanthauzo lathawa.

Njira ina ndiyo kutchula chinthucho. Apa womasulira amayamba kulankhula zakezake. Mukati "Mavuto atha", mwanena kuti zinthu zili bwino tsopano, ngati mukuyamika boma. Sinthani chilembo chomaliza, muti "Mavuto athe", ndiye mwapempha kuti zisinthe. Amenewa ayandikira ndithu. Koma ndani wanena kuti ndi mavuto? Mwasankha ndinu. Mnzanu akanati "Katangale athe", wina akanatchula dzina la chipani. Aliyense wa inu watseka khomo limene eni mfuwu analisiya lotsegula.

Kwa ine, mawu oyandikira kwambiri ndi "Basi, zakwana!" Alibe mneni "kutha", komabe ali ndi mtima wake: munthu watopa ndipo akufuna zisinthe. Saloza munthu, ndipo amafuulika. Nawonso ali ndi chilema chake, chifukwa "zakwana" payekha ndi mawu a wogulitsa amene wawerenga ndalama n'kupeza kuti zili bwino. "Basi" ndiye amawawongola. Ndipo poyankha agogo ndi bwino kuwonjezera kuti, "Agogo, ndi Chimakuwa, ndipo eni ake sanatchule chimene chakwanacho." Pamenepo mwamasulira mosanama.

Vuto lotere si lachilendo, ndipo si la chipani chimodzi. Tengani mfuwu wakale wa Frelimo, A luta continua, umene unatchuka pa nkhondo yomenyera ufulu, a Samora Machel n'kumaufuula pa misonkhano mpaka unadziwika m'maiko ambiri a mu Afirika. Mawu akuti luta ndi otakata. Amanena nkhondo ya mfuti, amanena ndewu, amanenanso kulimbana ndi matenda kapena kuvutikira chakudya cha ana. Chichewa chili ndi mawu osiyana pa chilichonse mwa zimenezi, ndiye muyenera kusankhanso.

Mu 1968, pamene Frelimo inatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete, kunena kuti "Nkhondo ikupitirira" kunali kumasulira kolondola. Lero sikulinso kolondola. Pakati apa panadutsa nkhondo ina, yapachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mabanja ambiri a m'chigawo chino anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena sanabwerere. Tsono taganizani mlendo wochokera ku Fingoè kapena ku Tete akulankhula za kuthetsa umphawi, n'kumaliza ndi A luta continua, womasulira n'kuponya kuti "Nkhondo ikupitirira!" Mawu ndi omwewo, dikishonale ingamuvomereze, koma mayi amene anagonapo m'tchire ndi mwana kumsana amva zina. "Ndewu ikupitirira" ndi yochepetsa, ngati za pamowa. "Kulimbana kukupitirira" ndi yolondola koma yolemera pakamwa, ndipo imasiya funso lakuti tikulimbana ndi yani. Pa msonkhano wa chitukuko, "Sitibwerera m'mbuyo" kapena "Ntchito ikadalipo" zimanyamula zimene mlendoyo akufuna kunena. Nthawi zina anthu amangowasiya m'Chipwitikizi momwemo, chifukwa aliyense amawadziwa, monga timachitira ndi "Viva!"

Izi zikukhudza inu chifukwa Malamulo Aakulu a dziko lino amati Chipwitikizi ndicho chinenero cha boma, ngakhale amalemekezanso zinenero zathu. Choncho mifuwu yambiri, ya zipani, ya katemera, ya kalembera wa chisankho, imabadwa m'Chipwitikizi ku Maputo n'kudzamasuliridwa kuno. Kawirikawiri amene amaimitsidwa kutsogolo kuti amasulire ndi mphunzitsi, mkulu wa mpingo, kapena munthu ngati inu amene wayamba kuwerenga zinenero ziwiri.

Mukapatsidwa ntchitoyi nthawi ilipo, yesani mawu anu asanafike pagulu. Pezani munthu amene sadziwa Chipwitikizi ndipo sanamve mfuwu woyambawo. Muuzeni Chichewa chanucho kamodzi kokha, osafotokozera. Kenaka musafunse kuti "Mwamva?", pakuti mwaulemu adzati inde. Funsani kuti, "Akunena ndani? Akuti tichite chiyani?" Akayankha kuti "Akuti tithawe" pamene inu mumati tilimbikire, mawuwo abwezeni. Chitani zimenezi ndi anthu osiyana: wachikulire amene anaona nkhondo, mayi, mnyamata. Popeza ku Maravia kulinso olankhula Chinsenga ndi Chinyungwe, yesaninso pa mmodzi wa iwo, chifukwa mawu abwinobwino kwa ife akhoza kumveka mwina kwa iye.

Ngati mawuwo alembedwa pa nsalu kapena pa khoma, pali msampha wina. Polankhula, mawu amakwera ndi kutsika, ndipo nkhope imathandiza. Pa khoma zonsezo palibe. "Atha" wolembedwa akhoza kukhala "afa onse", akhozanso kukhala "angakwanitse", monga timanenera kuti "atha kubwera mawa". "Zitha" akhoza kukhala "zifika pamapeto" kapena "n'zotheka". Ndiye lembani papepala, mupatse munthu wina awerenge yekha inu muli chete, mumve mmene akuwatchulira.

Za dzina latsopano lija, chilembo chilichonse cha ANAMOLA chachokera m'dzina lalitali la Chipwitikizi, ndipo m'Chichewa mawuwa alibe tanthauzo loti mumasulire. Agogo akadzafunsanso, yankho lake ndi lalifupi: ndi dzina la chipani, monga Frelimo, Renamo, MDM ndi Podemos. Chisankho chachikulu chotsatira chikuyembekezeka mu 2029, ndipo dzina lolembetsedwa ndi limenelo, osati mfuwu uja.