Meseji ya tsiku lililonse si chikumbutso, ndi phokoso

Ife ophunzira tili ndi matenda amodzi: vuto lililonse timafuna kulithetsa ndi pulogalamu ya pafoni. Wina akangodandaula kuti amayi ake kumudzi amaiwala kumwa mankhwala, yankho limabwera pompopompo lakuti awagulire foni ya WhatsApp. Koma kwa T/A Kalembo, ukangopatuka pa msewu wa Liwonde-Mangochi pa Ulongwe paja n'kulowa m'midzi, foni yomwe umaipeza m'manja mwa anthu ambiri akuluakulu ndi kafoni kamabatani. Intaneti imabwera ikafuna, ndipo bandulo ndi ndalama ya mchere ndi sopo. Mfundo yanga ndi yakuti kafoni kameneka n'kokwanira, bola tisamakasenzetse ntchito yonse pa meseji yokha.

Tiyambe ndi momwe meseji imayendera. Ukaitumiza, siipita molunjika kwa mwini wake. Imayamba yafikira ku makina a kampani ya foni, ndipo ngati foni ya wolandirayo yathima kapena ili poti palibe netiweki, makinawo amaisunga n'kumayesa kuitumizanso. Ubwino wake ndi wakuti nthawi zambiri imafika ndithu. Kuipa kwake ndi kwakuti sudziwa ifika liti. Meseji yoti "imwani mankhwala tsopano" yotumizidwa 7 koloko madzulo ikhoza kulowa mawa lake masana foni ikachoka kotchajitsa. Pamenepo munthu wachikulire asokonezeka: amwenso kapena ayi? Choncho chilichonse chodalira ola lenileni chisadalire meseji. Imeneyo ndi ntchito ya alamu, yomwe siifuna netiweki kapena mayunitsi.

Chachiwiri, meseji ikachuluka imasanduka ngati tambala wa kwa aneba, yemwe amalira tsiku lililonse koma palibe amamumvanso. Izi zinayesedwapo. Kafukufuku wina wa ku Kenya yemwe adasindikizidwa mu 2011 adagawa anthu omwa ma ARV m'magulu: ena ankalandira meseji tsiku lililonse, ena kamodzi pa sabata, ena osalandira konse. Mwa olandira kamodzi pa sabata, 53 pa 100 aliwonse ankamwa mankhwala mokhulupirika, poyerekeza ndi 40 mwa osalandira. A tsiku lililonse aja sadasiyane kwenikweni ndi osalandira. Kafukufuku winanso wa WelTel, konko ku Kenya, wa mu 2010, ankatumiza liwu limodzi lokha pa sabata lofunsa kuti zili bwanji, ndipo wodwala ankayenera kuyankha. Wosayankha pakatha masiku awiri ankaimbiridwa foni. Kwa ine phunziro lili pamenepo: mphamvu sinali m'mawuwo, inali poti kuseri kwa meseji kunali munthu wodikira yankho.

Kuno kwathu tilinso ndi chitsanzo. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe anthu amaimba ulere, chidayambira m'boma lomweli la Balaka mu 2011, bungwe la VillageReach likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo. Amayi oyembekezera ndi olera ana ankalandira malangizo ndi zikumbutso, ena pa meseji, ena pa uthenga wa mawu. Omwe adakonza adadziwa kuti si onse amawerenga ndipo si onse ali ndi foni yawoyawo.

Tsono tichite bwanji? Ndipereka chitsanzo cha azakhali anga omwe amamwa mankhwala a BP kamodzi pa tsiku ndipo amapita kuchipatala pa tsiku lomwe awalembera m'buku.

Za tsiku ndi tsiku tidaika pa alamu. Pa mafoni ambiri amabatani umalowa pa Alarm, n'kusankha Repeat, n'kuchonga masiku onse asanu ndi awiri. Ukapanda kutero ilira kamodzi basi, mawa lake zii. Nthawi yake tidasankha 6 koloko m'mawa, osati chifukwa choti ndi ola lokongola, koma chifukwa ndi pomwe amakhala ali pakhomo akuphika phala, madzi ali pafupi. Alamu yolira munthu ali kudimba kapena kuchigayo imangothimitsidwa, ndipo akafika kunyumba waiwala. Chikumbutso chabwino chimamangiriridwa ku chinthu chomwe munthu amachita kale. Dera la Kalembo lili ndi Asilamu ambiri, ndipo kwa iwo swala ya m'mawa ndi wotchi yodalirika kuposa foni.

Alamuyo ili ndi chofooka chimodzi chomwe ambiri sachidziwa. Kotchajitsa ena amachotsa batire n'kulitchaja palokha, ndipo batire likachoka, mafoni ena amaiwala tsiku ndi nthawi. Alamu idzalira ndithu 6 koloko, koma 6 koloko ya foniyo, yomwe ingakhale pakati pa usiku. Chizindikiro chake n'chosavuta: chaka pafoni chimabwerera m'mbuyo. Mdzukulu wawo wa sitandade 7 tidamupatsa ntchito yoti foni ikabwera kotchajitsa aziyerekeza nthawi yake ndi ya pa wayilesi.

Meseji ndimaisungira tsiku la kuchipatala. Tinene kuti awalembera Lachinayi pa 14. Yoyamba ndimatumiza Lolemba, kutatsala masiku atatu, chifukwa pofunika kukumbutsa si ulendo wokha ayi. Pafunika kupeza ya kabaza, kufunafuna buku la kuchipatala, ndi kupempha wina wotsala ndi ana. Masiku atatuwo amaperekanso mpata ngati foni yagona kotchajitsa. Yachiwiri ndimatumiza Lachitatu madzulo. Mawu ake ndi awa:

"Azakhali, kuchipatala ndi Lachinayi pa 14, mufike 7 koloko mmawa. Tengani buku ndi mankhwala otsala. Mukawerenga mundiflashe."

Onani kuti mulibe mawu oti "mawa". Meseji ikachedwa, "mawa" imanama, pomwe "Lachinayi pa 14" imakhala yoona nthawi ina iliyonse. Mulibenso dzina la matenda, chifukwa foni yakumudzi imadutsa m'manja ambiri, kuphatikizapo a mnyamata wotchajitsa uja. Kwa munthu wa ma ARV imeneyi si nkhani yamasewera. Komanso ndi yaifupi. Meseji imodzi imatenga zilembo 160, koma mukangoikamo ŵ wa kadenga uja kapena kachithunzi kankhope koseka, malire amatsika kufika pa 70. Meseji yanu imaduka zidutswa, mulipira zambiri, ndipo pa tifoni tina kachithunzi kaja kamangooneka ngati kabokosi.

Kuflasha kuja ndiko mtima wa dongosolo lonseli, ndipo sikudya mayunitsi awo. Ena amati ingoyatsani Delivery reports. Imathandiza, koma imangokuuzani kuti meseji yalowa m'foni, osati kuti munthu waiwerenga. Ngati lipoti silikubwera, foni ndi yothima, ilibe netiweki, kapena Inbox yadzaza ndi mauthenga otsatsa malonda moti yatsopano ikusowa polowera. Ngati lipoti labwera koma sakuflasha, mwina foni ili ndi wina kapena wowawerengera sanabwere kusukulu. Tsiku lathunthu likadutsa kuli chete, ndimaimba. Ikakanika, ndimaimbira mayi wina woyandikana nawo nyumba yemwe tidagwirizana naye kale.

Mnzanga wina wa m'kalasi adanditsutsa kuti zonsezi zikudalira ine, ndiye ine ndikaiwala kapena ndikakhala pa mayeso? Funso n'lomveka, ndipo ndi chifukwa chake tsikulo limalembedwa malo atatu: m'buku la kuchipatala, pa kalendala ya pakhoma kwa azakhali ndi cholembera chofiira, ndi pa Calendar ya foni yanga, pomwe ndimaika tsiku lotumiza meseji osati tsiku la ulendo. Akangobwera kuchipatala ndimawaimbira kwa mphindi imodzi kuti andiwerengere tsiku latsopano, n'kuliika nthawi yomweyo tisanadule foni. Pa mwezi ndi mameseji awiri ndi foni imodzi kapena ziwiri, ndalama yosafika ya chipisi cha pa chiwaya kuseri kwa hositelo.