Avereji ikuti K220,000, nanga akulandira ndani?

Kwa inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, kapena mukulimbana ndi masamu a kawerengera ku koleji, pali funso lina limene limaoneka ngati la mamalikisi aulere koma limagwetsa anthu odziwa kuwonkhetsa bwinobwino. Limabwera chonchi: pa kampani ina yaing'ono pali antchito asanu ndi awiri, ndipo malipiro awo a pamwezi ndi K110,000, K95,000, K120,000, K900,000, K90,000, K125,000 ndi K100,000. Kodi ndi nambala iti imene ikuonetsa bwino zimene wantchito wamba amalandira pamenepa? Perekani chifukwa.

Dzanja limathamangira ku kakyuleta. Timaphatikiza zonse n'kupeza K1,540,000, timagawa ndi 7, yankho n'kukhala K220,000. Imeneyi ndiyo avereji, imene aphunzitsi a masamu amaitcha miini. Masamuwo sanalakwike paliponse, koma funso silinayankhidwe.

Taonaninso malipiro aja. Ndani akulandira ndalama yoyandikira K220,000? Palibe. Anthu asanu ndi mmodzi sakupitirira K125,000, ndipo mmodzi yekha, tingoti ndi bwana, ali kutali uko pa K900,000. Munthu atakuuzani kuti "kumeneko amalipira cha m'ma 220" inu n'kukayamba ntchito, pakutha pa mwezi mukhoza kumutcha wabodza. Chimene chachitika n'chakuti avereji imatenga ndalama zonse n'kuziika m'thumba limodzi, kenako n'kugawira aliyense mofanana. Ndalama za bwana zagawidwa kwa anyamata ake pa pepala pokha, m'matumba mwawo simunalowe kanthu.

Apa ndi pamene midiyani imagwira ntchito. Midiyani ndi nambala imene ili pakati penipeni mukandandalika manambala onse kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Kundandalikako musakudumphe ayi. Pa funso lathuli, mukangoloza ya pakati momwe alembera, chala chigwera pa K900,000, nambala yomwe ija yabweretsa mavuto. Mukazisanja zikhala chonchi: 90, 95, 100, 110, 120, 125, 900, zonse m'masauzande. Yachinayi ndiyo ya pakati, ndiye kuti midiyani ndi K110,000. Atatu akulandira zochepera apo, atatu akulandira zoposa. Manambala akakhala asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, pakati pamakhala awiri. Mumawaphatikiza n'kugawa ndi 2.

Kuti muone kusiyana kwa ziwirizi, mukwezereni bwanayo malipiro afike pa K1,600,000. Zonse pamodzi zikhala K2,240,000, ndipo avereji ilumpha kufika pa K320,000, chonsecho antchito asanu ndi mmodzi aja sanawonjezeredwe ngakhale kwacha imodzi. Midiyani ikadali pa K110,000 pomwe paja. Iyo imangoona malo a nambala pa mzere, sisamala kuti wa kumapetoyo watalikira bwanji.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti funso likufuna midiyani? Ine ndimati musanagwire kakyuleta, sanjani manambalawo n'kuyang'ana kumapeto konse kuwiri. Ngati pali imodzi kapena ziwiri zimene zasiya zinzake kutali, khalani tcheru. Kenako pezani zonse ziwiri muziyerekeze. Zikayandikana, avereji ilibe vuto. Zikatalikirana ngati 220 ndi 110, werengani kuti ndi angati ali pansi pa avereji. Kuno ndi asanu ndi mmodzi mwa asanu ndi awiri, ndipo nambala imene pafupifupi aliyense sakuifikira singaimire munthu wamba.

Ena amachita zachidule, kungofufuta K900,000 ija n'kupeza avereji ya otsalawo, imene ili pafupifupi K107,000. Yayandikiradi, koma mwachotsa munthu amene alipo ndipo amalandiradi ndalamazo. Nambala timaichotsa pokhapokha pali umboni wakuti inalembedwa molakwika, monga wina atawonjezera ziro pa K90,000. Kungoti yakukwiyitsani si chifukwa.

Komanso tisainyoze avereji. Funso likadakhala lakuti kampaniyi isunge ndalama zingati za malipiro mwezi uliwonse, avereji ndiyo ikadathandiza, chifukwa K220,000 kuchulukitsa ndi 7 ikukubwezerani K1,540,000 yeniyeni. Midiyani ikadakupatsani K770,000, theka lokha la ndalama zofunika, ndipo akauntanti akadaona zakuda pa tsiku lolipira.

Pa funso lathu lija, mawu akuti "wantchito wamba" ndiwo akusankha. Yankho lokwanira ndi lakuti midiyani, K110,000, ndiyo ikuimira bwino, chifukwa malipiro a K900,000 atalikirana kwambiri ndi ena onse ndipo akokera avereji m'mwamba mpaka kupitirira zimene antchito asanu ndi mmodzi amalandira. Chifukwacho chilembeni ndithu, poti funso lachita kupempha.