Kachilembo kakang'ono kamene kamalanda ana malikisi

Sabata yatha mwana wa mchemwali wanga, amene ali mu Folomu 4 ndipo akukonzekera mayeso a MSCE, anandibweretsera funso la tirigonometire limene analakwa m'kalasi. Funsolo linati munthu waima mamita 20 kuchokera patsinde pa mtengo, ndipo ngodya yochokera pansi pamene waimapo kuloza kunsonga ndi madigiri 35. Kodi mtengowo ndi wautali bwanji? Njira anaitsata bwino lomwe: anachulukitsa 20 ndi tan 35. Koma yankho lake linali mamita 9.5, pamene loona ndi mamita 14.

Nditaiyang'ana kakyuleta yake, ndinaona kachilembo ka R pamwamba pa galasi. Cholakwa chonse chinali pamenepo.

Kakyuleta imayeza ngodya m'njira zitatu. Chilembo cha D chikuimira madigiri, amene amakwana 360 ukazungulira kamodzi. R ikuimira marediyani, ndipo rediyani imodzi ndi madigiri pafupifupi 57.3. G ikuimira magiradi, amene amakwana 400 ukazungulira kamodzi. Mwanayo atalemba 35, makinawo anamva kuti ndi marediyani 35, ngodya yoposa madigiri 2,000, ndipo anamuyankha mokhulupirika funso limene iye sanafunse. Pakanakhala G, yankho likanakhala mamita 12.3.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti mayankho olakwikawa saoneka achilendo. Mtengo wa mamita 9.5 ulipo, wa 12.3 uliponso. Mwana alibe chomukayikitsa, amadula mzere kunsi kwa yankho nkupita pa funso lina, ndipo mafunso onse a ngodya m'pepala limenelo amawonongeka chimodzimodzi. Kuzimitsa kakyuleta sikuchotsa vutoli, chifukwa ikayatsidwanso imakumbukira pamene inasiyidwa. Mnzako akaibwereka, kapena ukadina mabatani mosewera, R ikhoza kukhalapo mwezi wathunthu.

Mankhwala ake ndi achidule. Musanayambe kulemba, dinani sin 30. Ikakupatsani 0.5, zili bwino. Ikapereka -0.988, muli m'marediyani, ikapereka 0.454, muli m'magiradi. Pa Casio fx-82MS, dinani MODE kawiri kenako 1, ndipo D ibwerera.

Msampha wachiwiri uli pa mabatani opezera ngodya. Tiyerekeze kuti makwerero a mamita 6 atsamira khoma ndipo afika pamtunda wa mamita 5. Tikufuna ngodya imene apanga ndi nthaka. Apa nambala ya sin tili nayo kale, ndiyo 5 kugawa ndi 6, ndipo chosowa ndi ngodyayo. Batani lake ndi sin⁻¹, lolembedwa pamwamba pa sin, limene limafikika mukayamba mwadina SHIFT. Yankho ndi madigiri 56.4.

Ana ambiri amasokonezeka ndi ka -1 kaja. Anaphunzira kuti 2⁻¹ ndi 1 kugawa ndi 2, choncho amaganiza kuti sin⁻¹ ndi 1 kugawa ndi sin. Si choncho ayi. Batani la sin limalandira ngodya nkupereka nambala, pamene sin⁻¹ imabwerera m'mbuyo: imalandira nambala nkupereka ngodya. Wodina sin(5÷6) amapeza 0.0145, ndipo akadinanso x⁻¹ amapeza 68.8. Nambala imeneyi imaoneka ngati ngodya yabwinobwino ya makwerero, koma ndi yabodza.

Mabulaketi nawo musawaiwale. Pa makakyuleta a mtundu wa fx-82MS, mukalemba sin⁻¹ 5÷6 popanda mabulaketi, makinawo amayamba afuna ngodya imene sin yake ndi 5. Ngodya yotere kulibe, popeza sin sipitirira 1, ndiye pagalasi pamatuluka Math ERROR. Mwana amayesa kakyuleta yawonongeka, chonsecho ikumuchenjeza. Pa tan⁻¹ chenjezolo palibe: tan⁻¹ 3÷4 imapereka 17.9 mwakachetechete, m'malo mwa 36.9.

Chimene ndinamuphunzitsa mwanayo madzulo amenewo ndi kubweza yankho m'makina. Wapeza madigiri 56.4? Dina sin 56.4, uchulukitse ndi 6. Ukapeza nambala yoyandikira 5, walondola. Ukayesa ndi 68.8 upeza 5.6, ndipo wadziwa kuti penapake wapotoza. Pa funso la mtengo lija, kuganiza pang'ono kukanamupulumutsa: tan 30 ndi pafupifupi 0.58, choncho pa madigiri 35 mtengowo sungachepere mamita 11.

Aphunzitsi a masamu, ndikupempheni: patulani phunziro limodzi lokha la kakyuleta, mwana aliyense asinthe yekha kuchoka pa D kupita pa R ndi kubwereranso, aone ndi maso ake mmene yankho likusinthira. Inu ophunzira, mukakhala pansi m'chipinda cha mayeso, dinani sin 30 musanawerenge funso loyamba. Ngati si 0.5, musalembe kanthu mpaka mutakonza.